Kalata Yothokoza ndi Chithunzi cha a Haapala

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kalata yothokoza anthu othandiza bungwe lathu ankalemba ndi Lorraine Tervo, ndipo panalibe ankaganizako zoti ingalembedwe ndi munthu wina. Bungwelo ndi laling'ono ndipo ntchito yake ndi imodzi: kukhoma timilatho ta matabwa totsetsereka pamakomo a anthu oyenda pa njinga za olumala, kuti azituluka m'nyumba zawo popanda kunyamulidwa. Matabwa ndi misomali zimachokera ku thandizo la anthu a m'tauni mwathu momwemuno, kumpoto kwa Michigan ku America. Chaka chilichonse, tchuthi chothokoza cha mu Novembala chotchedwa Thanksgiving chisanafike, aliyense amene anaperekapo kanthu amalandira kalata yomuthokoza ndi kumuuza zimene thandizo lake lachita.

Kalata ya Lorraine inkakhala ya tsamba limodzi, mawu okhaokha. Simunkakhala chithunzi ndipo simunkakhala pempho, chifukwa kupempha kuli ndi kalata yakeyake ya mu Disembala. Pansi pake ankasaina ndi mkulu wa bungwe, a Gil Marchetti, koma tauni yonse inkadziwa kuti a Marchetti sangalembe ziganizo zitatu zolondolana. Ena mwa olandira ankayankha. A Reino Haapala, mmisiri wa matabwa wopuma ntchito amene anakhoma nawo timilatho toyambirira, ankatumiza kakhadi chaka ndi chaka, kolembedwa ndi pensulo yaukalipentala: "Mwalembanso bwino, Lorraine." Makhadi amenewo Lorraine ankawasunga m'kabati ya tebulo lake, ndipo tisanamizane, kalata yonse ija ankailemba akuganizira bambo amenewo.

Ndiye mu Meyi bungwe linalemba ntchito Tessa Boisvert kuti aziona za anthu othandiza. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, digiri yake, botolo la madzi lalikulu ngati chidebe, ndiponso khalidwe lokwiyitsa lija lokhala munthu wabwino tsiku ndi tsiku. Lorraine anafufuza chomudera kwa miyezi isanu koma sanachipeze. Mwanayo ankafika nthawi yake, ankatsuka makapu a anzake, ndipo akafuna kudziwa kanthu ankafunsa mwaulemu.

Zinthu zinasokonekera pa msonkhano wa bodi wa mu Okutobala. Bodi ndi akuluakulu asanu ndi anayi oyang'anira bungwe, ndipo amakumana m'chipinda chakumbuyo kwa laibulale. Zaka zonse, lipoti la ntchito linkakhala mapepala amene Lorraine ankagawa, akuluakuluwo n'kuikapo makapu awo a khofi. Tsiku limeneli Tessa anazimitsa magetsi, n'kulumikiza kompyuta yake ku makina oonetsera zithunzi pakhoma. Anali atakonza masilaidi khumi ndi awiri, iliyonse ikudzaza khoma payokha. Yoyamba inali ndi nambala yaikulu, 41, timilatho ta chaka chino. Kenako mapu a boma lathu, kadontho kofiira pa nyumba iliyonse. Kenako maola amene anthu odzipereka anagwira ntchito. Kenako khomo lina lisanakonzedwe, masitepe owola, ndi khomo lomwelo litakonzedwa.

Kenako inabwera silaidi yachisanu ndi chinayi. Anali a Haapala, atakhala panjinga yawo pakati pa kamlatho katsopano, dzanja limodzi likupapasa mtengo wogwirira monga amachitira mmisiri pofufuza ntchito ya mnzake. Aliyense mmenemo ankawadziwa, ndipo ankadziwa kuti anafa ziwalo mbali imodzi m'nyengo yozizira yapitayo.

Magetsi atayaka, akuluakulu anaomba m'manja. M'zaka zonse zija palibe anaomberapo m'manja mapepala a Lorraine.

"Koma abale, zimenezi tizingoonera tokha?" anatero wapampando, mayi Dufresne, akupukuta magalasi. "Eni ake a thandizoli aone. Gil, kalata yothokoza ya chaka chino ichokere m'masilaidi amenewa. Mwana wathuyu aikonze."

"Ine ndimaganizanso chimodzimodzi," anatero a Marchetti, amene nthawi zonse amaganiza chimodzimodzi ndi wapampando.

Wolemba zokambirana za msonkhano anali Lorraine. Choncho ndi dzanja lake lomwe analemba kuti bodi yagwirizana kuti kalata yothokoza ikonzedwe ndi Tessa Boisvert. Analemba bwinobwino, osalakwitsa ngakhale dzina la mwanayo.

M'mawa mwake a Marchetti anaima pakhomo la ofesi ya Lorraine atanyamula chitumbuwa cha nyama ndi mbatata, chizindikiro choti akudziwa kuti alakwa.

"Lorraine, musaitenge molakwika nkhani ija. Ndimati mupumeko."

"Ndinakuuzani kuti ndatopa?"

"Ayi, koma mukudziwa, anthu masiku ano sawerenga. Amafuna kuona."

"Chabwino, aone," anatero Lorraine. "Chitumbuwacho muike apo."

Sabata imeneyo Tessa anagwira ntchito chitseko chili chotsegula, ndipo Lorraine ankaona zonse ali patebulo lake. Masilaidi khumi ndi awiri sangakwane papepala limodzi, choncho Tessa anasankha anayi: nambala ija, mapu, khomo lisanakonzedwe ndi litakonzedwa, ndi a Haapala. Anawachepetsa n'kuwaika kuseri kwa tsamba. Mawu a pa masilaidi anali achidule, oti munthu azifotokozera ataimirira, ndiye anawalembanso kuti amveke okha popanda wofotokozera. Paliponse pamene silaidi inkati "takhoma", iye analemba "mwakhoma". Kutsogolo kunali ndime zinayi zazifupi, ndipo mawu oti zikomo anali m'chiganizo choyamba.

Lachinayi anabwera ndi pepalalo, akuligwira ndi manja awiri.

"A Lorraine, mungandionereko? Inu ndi amene mumawadziwa anthuwa. Mukapeza cholakwika musandimvere chisoni."

Lorraine anawerenga akufunitsitsa kupeza zachibwana. Sanazipeze. Kalatayo inali yabwino, ndipo malo ena inali yoposa zake. Chimenecho chinamupweteka kuposa kulandidwa kalata, chifukwa munthu ukalandidwa chinthu ndi wosadziwa ntchito umapeza podzitonthozera. Anatembenuza tsamba. Pansi pa chithunzi cha a Haapala panalembedwa kuti: "Chifukwa cha inu, a Reino akutha kutuluka okha m'nyumba mwawo."

Apa m'pamene Lorraine anasiya kuwerenga.

Kubungwe kwathu, munthu aliyense wokhomeredwa kamlatho amasaina fomu ya zithunzi. Fomuyo ili ndi timabokosi titatu: musandijambule, jambulani koma zionedwe ndi antchito ndi bodi basi, jambulani ndipo mutha kufalitsa. Okhoma timilatho amangoponya zithunzi zonse malo amodzi pakompyuta, osasiyanitsa. Mafomu ndi a pepala, ndipo amakhala m'kabati yachitsulo kumbuyo kwa mpando wa Lorraine. Chithunzi choonetsa bodi ndi chithunzi chotumiza ku makomo mazana asanu ndi limodzi ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma Tessa anali asanauzidwepo kuti zithunzi za pakompyuta paja n'zosakaniza.

Fomu ya a Haapala anakasainitsa ndi Lorraine mwini wake, mu Juni, patebulo la kukhitchini kwawo. Bamboyo anakana kamlatho kwa miyezi inayi, akumakwawa chokhala pamasitepe, mpaka mwana wawo wamkazi analira. Tsiku losaina anachonga kabokosi kachiwiri ndi dzanja lamanzere, movutikira, n'kumuyang'ana Lorraine m'maso.

"A bodi aone, ndi anzanga, aone ngati anyamatawa akhoma molunjika," anatero. "Koma nkhope yanga isayende m'tauni muno ngati ya munthu wopemphetsa. Mwandimva, Lorraine?"

"Ndamva, bambo."

Tessa atabwerera kumalo kwake, Lorraine anatsegula kabati yachitsulo ija, ngati kuti sakudziwa chimene apeze. Kabokosi kachiwiri, chizindikiro chokhotakhota. Anabwezera fomuyo n'kutseka pang'onopang'ono kuti isalire.

Chofunika chinali chiganizo chimodzi chokha. Akanangoti, "Tessa, chithunzi ichi sichololedwa," mwanayo akanaika china pasanathe mphindi khumi, kalata ikanapita, anthu akanaiyamikira, ndipo chaka chamawa ndi zaka zonse zotsatira ikanakhala ya Tessa. Lorraine anaziona zaka zimenezo zitandandalika patsogolo pake, iye akungomata masitampa. Anadziuza kuti munthu wa digiri ayenera kudziwa yekha za mafomu. Anadziuzanso kuti a Haapala mwina anasintha maganizo, poti anthu okalamba amafewa. Zonsezi ankadziwa kuti n'zabodza. Inali nsanje basi, ndipo iye ankaidziwa ndi dzina lake.

Anatenga cholembera chofiira. Anakonza keyala ya ofesi, imene inali ndi nambala yakale, n'kuchotsa liwu limodzi lobwerezedwa m'ndime yachitatu. Kenako anakapereka pepalalo.

"Ziwiri zokha?" anatero Tessa, nkhope itawala. "Ndimaopa kuti libwera lofiira lonse! Zikomo kwambiri, a Lorraine."

"Palibe kanthu," anatero Lorraine.

Makalata anabwera kuchokera kosindikiza Lachitatu la sabata yotsatira, iliyonse ili ndi dzina la mwini wake pamwamba. A Marchetti anakhala m'mawa wonse akusaina ndi cholembera chabuluu, akudandaula za dzanja lawo. Masana kunabwera amayi anayi odzipereka kudzapinda makalata ndi kuika m'maenvulopu, atanyamula khofi ndi buledi wotsekemera. Ntchito imeneyi imafuna maso, chifukwa dzina la pakalata liyenera kufanana ndi la paenvulopu, koma amayiwo amaichita pakamwa pasakupuma.

"Eee, awa si a Reino awa?" anatero mmodzi wa iwo, Bev Maki, atakweza kalata m'mwamba. "Bambo ouma mutu aja alola kujambulidwa? Ine ndinaphunzira nawo sukulu, ngakhale chithunzi cha kalasi ankabisala kumbuyo."

"Ukalamba, achemwali," anatero wina. "Ngakhale iwe tidzakuika pakalata."

"Mudzandiike nditadzola bwino, osati ndi tsitsi ili."

Onse anaseka. Tessa anasekanso, koma anatembenukira kwa Lorraine ngati pali chimene chamudutsa m'mutu. Lorraine anaweramira mulu wake wa maenvulopu, n'kufunsa ngati wina waona siponji yonyowetsera guluu. Siponjiyo inali pafupi ndi chigongono chake. Nkhani inasintha, n'kupita ku mtengo wa nkhuni ndi mpongozi wa Bev.

Mulu wa Lorraine unali wa mayina oyamba ndi H. Anaona envulopu ikubwera, itatsala yachisanu, yachinayi, yachitatu. Bambo Reino Haapala, msewu wa kumanda akale. Anali pamndandanda wa othandiza kuyambira chaka chimene bungwe linayamba, ndipo ngakhale atadwala sanadumphitse. Lorraine anapinda kalatayo patatu, chithunzi chili mkati, n'kuilowetsa, n'kumata. Anaiika pamulu n'kutenga yotsatira.

Lachisanu mafoni anayamba kulira. Wina anati kalatayo waimata pafiriji. M'busa wa mpingo wina anapempha makope ena oti akaike pakhomo la tchalitchi. Mayi Dufresne anabwera okha ndi maluwa, n'kudutsa tebulo la Lorraine osaima, n'kukamukumbatira Tessa. Lorraine anakhala tsiku lonselo akulembera Tessa mauthenga a anthu omuyamikira, khutu lili ku foni ina imene ankaidikira.

Inabwera Lolemba cha m'ma teni koloko, pa nambala ya patebulo lake. Woimbayo sanafunse za Tessa kapena za a Marchetti.

"Lorraine? Ndine Reino."

Chidwalireni ankalankhula mokoka mawu, ndipo munthu unkayenera kudikira.

"Mwadzuka bwanji, bambo Haapala?"

"Ndadzuka. Dzulo ndinapita ku tchalitchi, koyamba chichokereni m'chipatala. Ndinatsika pa kamlatho kanu kaja." Anapuma. "Ndinakapeza nkhope yanga itakhomedwa pakhomo. Carl Niemi, amene ndinamuphunzitsa kugwira hamala, anandisisita paphewa n'kunena kuti wakondwa kuti kangachepe kake kanandithandiza. Mkazi wake amafuna kundiyambitsira chakudya cha Lachiwiri lililonse."

"Bambo, pepani kwambiri. Chaka chino kalatayo sindinalembe ine. Pali mtsikana watsopano amene..."

"Ndikudziwa kuti simunalembe inu. Ndawerenga kalata zanu khumi ndi zisanu ndi imodzi, ndingalephere kuzindikira? Mtsikanayo sindikumudziwa, ndipo sanakhalepo m'khitchini mwanga. Ndikufunsa inu. Munaiona isanapite?"

Lorraine anayang'ana chitseko cha Tessa. Bodza linali pafupi, ndipo palibe akanamugwira. Koma bamboyo anali akudikira, akupuma movutikira, ndipo lilime la Lorraine linakana.

"Ndinaiona."

"Munaiwala zimene ndinakuuzani?"

"Sindinaiwale."

Pafonipo Lorraine ankamva wailesi ikulira m'nyumba mwawomo.

"Chabwino," anatero a Haapala. "Sindikufunsani chifukwa chake. Mundichotse pamndandanda wanu. Makalata, mapempho, makhadi, chilichonse. Ndipo musabwere ndi maluwa."

Anadula foni asanatsanzike.

Masana mwana wawo wamkazi anaimbira a Marchetti, ndipo ameneyo sanalankhule mokoka mawu. Ofesi yonse inamva. A Marchetti anaitanitsa fomu, Lorraine anakaitulutsa, ndipo atatuwo anaima mozungulira tebulo akuyang'ana kabokosi kachiwiri. Tessa anagwira pakamwa.

"Ndine ndalakwa," anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Ndinangotenga chithunzi cha pa silaidi. Mayi Maki atanena zija ndinamva kuti ndifunse, koma makalata anali atasindikizidwa kale, ndiye ndinaopa yankho. A Lorraine ndinangowapempha kuti aone mawu. Musawaikemo."

A Marchetti anayang'ana Lorraine. Apa panali pomwe munthu akanayankhula. Lorraine anayang'ana fomu.

Tessa anathera masana onse akuimbira matchalitchi kuti achotse makope aja, ndipo anachotsa chithunzicho pa masilaidi ndi pakompyuta. Koma makalata mazana asanu ndi limodzi amene ali pamafiriji a anthu sungawaitanitse.

Lachitatu a Marchetti anaimanso pakhomo la Lorraine, ulendo uno chimanjamanja.

"Ndalankhula ndi mayi Dufresne. Akuti tinafulumira. Masilaidi azikhala a bodi, Tessa azipitiriza zimenezo. Kalata ibwerere kwa inu, monga kale. Inu mumawadziwa anthuwa, zoterezi sizikanachitika m'manja mwanu."

"Chabwino," anatero Lorraine.

"Ndimayesa mukondwa."

"Ndakondwa."

"Muyambe ndi yopepesa a Reino. Muilembe monga mumalembera muja, ine ndisaina."

"Anati tisawatumizirenso kanthu."

"Ngakhale yochokera kwa inu?"

"Makamaka yochokera kwa ine."

A Marchetti sanamvetse, ndipo monga mwa chizolowezi chawo sanafunse. Atachoka, Tessa anabwera ndi kapu ya khofi n'kuiika patebulo la Lorraine, maso ali otupa.

"Ndamva. Zili bwino choncho, ndi yanu ndithu. Chaka chamawa mundilole ndizikhala pafupi mukamalemba, ndiphunzireko."

Lorraine analephera kumuyang'ana. Anathokoza khofiyo, ndipo mwanayo anabwerera kumalo kwake.

Panatsala ntchito imodzi, ndipo mndandanda wa othandiza ankausunga ndi Lorraine. Anatsegula kompyuta, n'kulemba dzina la Haapala. Tsamba lawo linabwera: keyala, nambala ya foni, ndi mzere wautali wa zaka zimene kalata yothokoza inatumizidwa, chaka pansi pa chaka. Pansi penipeni panali kabokosi kolembedwa kuti asatumiziridwenso makalata. Anachonga. Kompyuta inafuna chifukwa, ndipo sinkalola kutseka tsamba popanda kulembapo kanthu. Lorraine anakhala nthawi yaitali zala zili pa mabatani. Kenako analemba kuti mwini wake wapempha, n'kusunga.

Mndandanda unachoka pa mazana asanu ndi limodzi n'kutsika ndi dzina limodzi. Kalata inali yakenso, ya chaka chamawa ndi zaka zonse zotsatira, ndipo Lorraine anayesa kuganiza chiganizo chake choyamba. Anayesa mpaka khofi uja anazizira, koma sanadziwe kuti akulembera ndani.